Mizere khumi ndi isanu yotsikira nayo phiri

Lachitatu, pasiteji

Basi yomwe amati inyamuka m'mawa yanyamuka dzuwa litapendeka. Tinakhala m'menemo injini ikulira, woyendetsa akusuntha pang'ono kutsogolo n'kubwereranso, kuti odutsa aziyesa kuti yatsala pang'ono kudzaza. Achinyamata athu a kumpingo ananyamuka dzulo ndi alangizi ena kupita kumsasa wa kuphiri. Ine ndinatsalira chifukwa cha ntchito, ndiye ndikuyenda ndekha, chikwama pamwendo, kope m'manja.

Abusa andipatsa ntchito imodzi yokha pa msasa uno: kulemba dalitso lotsekera, la mndakatulo, loti iwo akalinene Lamulungu masana achinyamata asanakwere magalimoto. Anandiuza kuti, "Amayi, lisatalike. Ana adzakhala atanyamula kale zikwama." Kunena zoona ndikuchita nalo mantha kuposa mmene ndimachitira ndikapatsidwa phunziro la ola lathunthu. Pa phunziro ukaphonya pena umakonza pena. Dalitso ndi mawu omaliza, ndipo akatha palibenso woimirira kudzawonjezera.

Podikira paja ndinatsegula Numeri 6, ndime 24 mpaka 26, dalitso limene Aroni ndi ana ake analamulidwa kunena pa Aisraele. Lili ndi mizere itatu basi: Yehova akudalitse ndi kukusunga, Yehova awalitse nkhope yake pa iwe ndi kukuchitira chisomo, Yehova akweze nkhope yake pa iwe ndi kukupatsa mtendere. M'Chiheberi mzere woyamba uli ndi mawu atatu, wachiwiri asanu, wachitatu asanu ndi awiri. Dalitsolo limayamba laling'ono, n'kumakula, n'kukathera pa mtendere. Ndalemba manambala atatuwo pamwamba pa tsamba, 3, 5, 7, ndipo pansi pake sindinalembepo kanthu.

Mdima unatipeza tili pamsewu. Magetsi a m'basi sayaka. Mayi amene anakhala pambali panga ataona ndikuvutika kuwerenga anayatsa tochi ya pafoni yake n'kundigwirira, mkono uli m'mwamba, mpaka ndinachita manyazi n'kutseka buku. Sanandifunse chimene ndimawerenga. Anatsika pamalo pena pamdima pomwe sindinaonepo nyumba iliyonse.

Lachinayi, kumsasa

Ndagona m'tauni ya m'munsi mwa phiri, m'kachipinda koyang'anizana ndi msewu, malole akudutsa usiku wonse. M'mawa panalibe galimoto yokwera kumtunda chifukwa mvula inagwa usiku ndipo msewu wafumbi unasanduka matope. Ndinayamba wapansi. Pakati pa chitunda anandipeza bambo wa thirakitala amene amapita kukatenga matabwa, anaima yekha osamukwezera dzanja, n'kunena kuti ndikwere kumbuyo ndigwiritse. Ndafika ndili matope mpaka m'mawondo, msana ukuwawa, koma ndafika.

Malo ake ndi holo imodzi, nyumba zogona ziwiri ndi bwalo la udzu lotsetsereka. Achinyamata alipo ochuluka ndithu, kuyambira a sekondale mpaka ena omaliza maphunziro amene akungokhala pakhomo. Akuimba ngati sadzatopa.

Madzulo mnyamata wina wa m'komiti, wokonda ndakatulo kwambiri, anamva za ntchito yanga ndipo anabwera ndi pepala. Analemba kale lake. Anati, "Anti, mwina mungatengemo kena." Ndinaliwerenga mokweza tili awiri pakhonde, ndipo linandithandiza kwambiri kuona chimene dalitso lili, chifukwa m'mizere yake munali zinthu zitatu zosiyana zitaphatikizana.

Linayamba bwino: "Ambuye akudalitseni achinyamata." Mzere wachitatu unati, "Tikuthokozani Atate potisunga sabata ino." Chakumapeto kunali, "Muziwerenga Mawu tsiku ndi tsiku, musabwerere ku zakale." Ndinamufunsa kuti pa mzere uliwonse, abusa adzakhala akuyang'ana kuti? Pa woyamba akuyang'ana ana. Pa wachitatu atembenukira kwa Mulungu, ndiye kuti layamba kukhala pemphero. Pa womaliza ayang'ananso ana koma tsopano akuwalamula, ndiye kuti wasanduka ulaliki. Zonsezi ndi zabwino pamalo pake, koma dalitso lili ndi mbali imodzi yokha: wolankhula amayang'ana anthu, ndipo wochita zonse zimene zikunenedwazo ndi Mulungu. Taonani pa Numeri paja. Kudalitsa, kusunga, kuwalitsa nkhope, kuchitira chisomo, kukweza nkhope, kupatsa mtendere, zochita zisanu ndi chimodzi, ndipo palibe ngakhale chimodzi chimene wodalitsidwayo akuuzidwa kuti achite. Iye amangolandira. Ndime 27 imamaliza nkhaniyo: ansembe amangoika dzina la Mulungu pa anthu, wodalitsa weniweni ndi Mulungu mwini.

Mnyamatayo anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Ndiye kuwerenga Baibulo kuja tikutaya?" Ayi, sitikutaya. Amene aphunzitse Loweruka adzakunena, ndipo adzakhala ndi ola lonse. Ana amene auzidwa zochita kuyambira m'mawa mpaka usiku sabata yonse ayenera kumva, pa mphindi yomaliza, chinthu chimodzi chimene si ntchito yawo.

Anafunsanso za mawu aja a pa Genesis 31:49, akuti Yehova ayang'anire pakati pa ine ndi iwe tikasiyana. Magulu ambiri a achinyamata amatsekera nawo misonkhano atagwirana manja, ndipo amamveka okoma. Koma werengani chaputala chonsecho. Wonena mawuwo ndi Labani, akuuza mkamwini wake Yakobo amene anathawa osatsanzika, ndipo awiriwa sakukhulupirirana. Ndime yotsatirayo ikuchenjeza Yakobo kuti asazunze ana aakazi a Labani, ndipo mulu wa miyala umene aunjika ndi malire oti wina asawoloke kudzachita mnzake choipa. Ine sindiwanyoza amene amawagwiritsa ntchito ndi mtima wabwino, koma sindingawaike pakamwa pa abusa potsanzika ana amene akondana sabata yonse.

Lachisanu

Kwacha kozizira, nkhungu yaphimba bwalo lonse. Madzi osamba anachedwa, ndiye pulogalamu yonse yasunthira kutsogolo ndi ola. Ndagona pang'ono chifukwa atsikana a m'chipinda changa anacheza mpaka pakati pa usiku, ndipo ndinalibe mphamvu zowaletsa.

Mmene ndakonzera ndi motere. Nditenga kakulidwe ka pa Numeri kaja, koma m'malo mwa mawu ndiwerenge mizere: ndime yoyamba mizere itatu, yachiwiri isanu, yachitatu isanu ndi iwiri, yonse pamodzi khumi ndi isanu. Ndime iliyonse itchule dzina limodzi, Atate, Mwana, Mzimu Woyera, monga mmene Paulo amatsekera kalata yachiwiri ya Akorinto ndi chisomo cha Ambuye Yesu, chikondi cha Mulungu ndi chiyanjano cha Mzimu Woyera. Yoyamba ikhale ya kusungidwa panjira, yachiwiri ya chisomo, yachitatu ya mtendere. Pakutha pa ndime iliyonse ana ayankhe Ameni, kuti asangoima ngati akumvetsera zolengeza.

Mafupa ake ndi amenewo. Chosowa ndi choti ndiikemo, ndipo chimenecho sindingachipeke ndekha. Ndinapempha alangizi a magulu kuti pa nthawi ya zokambirana apatse aliyense kapepala, alembepo popanda dzina yankho la funso limodzi: ukabwerera kwanu, n'chiyani chimene ukuchiopa? Sindinafunse zimene aphunzira kapena zimene zawasangalatsa kuno. Dalitso lotsekera si la sabata yomwe yathayi, ndi la kumene akupita. Petro paphiri la kusandulika paja anafuna kumanga misasa itatu kuti akhale pompo, koma Marko 9 akusonyeza kuti anatsika, ndipo pansi anapeza khamu likukangana ndi bambo ali ndi mwana wodwala. Msasa uliwonse wa achinyamata uli ndi tsinde la phiri lotere.

Ndinawerenga timapepalato ndekha m'kachipinda kosungiramo mipando. Tambiri timanena za mayeso. Ena analemba za anzawo amene adzawaseka akamva kuti asintha. Akuluakuluwo analemba za kukhala opanda ntchito, kudzuka m'mawa popanda kopita. Angapo analemba za foni usiku ndi zimene amaonera, ena mosabisa, ena mozungulira. Mmodzi analemba kuti kunyumba kwawo kulibe amene amalankhulana ndi mnzake. Ndipo panali kena, kolembedwa ndi pensulo yosasongoka, zilembo zopanikiza mpaka pepala kuboola, konena za bambo amene amabwera ataledzera ndi zimene zimachitika akafika. Ndinakapinda n'kukhala nako m'manja nthawi yaitali.

Chinthu chimodzi chinabwera m'timapepala tambiri kuposa china chilichonse kupatula mayeso: "Ndikuopa kuti ndibwereranso." Ena anawonjezera kuti chaka chathanso analonjeza ndipo sanathe mwezi.

Apa pali malire awiri amene ndikufuna ndiwasunge. Loyamba, mzere uliwonse usaloze munthu. Ndikalemba za bambo woledzera, mwana uja adzazizidwa pakati pa anzake, ndipo amene amadziwa kwawo adzatembenuka kumuyang'ana. Ndalemba "m'nyumba ya phokoso ndi m'nyumba ya zii". Mwini kapepala adzadziwa kuti wamveka, wa nyumba yosalankhulana ija adzadziwanso, ndipo wina aliyense adzangomva mzere wa ndakatulo. Lachiwiri, ndakatulo siteteza mwana kwa munthu wachiwawa. Kapepala kaja ndinapita nako kwa abusa ndi mayi wina wa uphungu amene ali nafe, ndipo usiku uno alengeza kuti aliyense amene analemba za kuopsezedwa kunyumba angathe kukaonana ndi mayiyo mwakachetechete tisanabalalike. Kumudalitsa mwana wotere n'kumukweza galimoto osachitapo kanthu kungakhale kuchita chimene Yakobo 2:16 amadzudzula, kuuza wanjala ndi wausiwa kuti apite mumtendere osamupatsa chosowa chake.

Loweruka, usiku

Lero kunali ulendo wokwera pamwamba penipeni pa phiri. Ine ndinafika theka n'kukhala pamwala, mawondo atakana. Amayi ena ophika amene anatiperekeza anakhala nane, anandigawira chakudya chimene ananyamula, ndipo ndinawawerengera zimene ndalemba. Iwo ndiwo anali oyamba kulimva. Sanayankhe zambiri. Pa mzere wina anangoti, "Pamenepo mwathamanga," ndipo ndinaika chizindikiro.

Titadya madzulo ndinakhala ndi abusa ndi mnyamata wa ndakatulo uja m'holo, jenereta itazimitsidwa, tikuunikira ndi nyali. Abusa ndi achikulire ndipo mpweya wawo ndi waufupi. Zimenezi n'zofunika, chifukwa wolemba dalitso amalembera pakamwa pa wina. Ndinawapempha kuti aimirire, akweze manja monga adzachitire mawa, n'kuwerenga mokweza. Munthu atakweza manja sapuma mofanana ndi atakhala pampando.

Mzere woyamba wa ndime yachiwiri unali wakuti, "Ambuye Yesu akuwalitsireni nkhope yake." Muwerenge pa zala, ndi maphatikizo 16. Abusa anafika pa "nkhope" mawu atayamba kuzilala, ndipo "yake" sanamveke n'komwe. Tinaudula kukhala "Ambuye Yesu akuwalireni", maphatikizo 11, ndipo unatuluka wonse ndi mpweya umodzi. Wina unali "Akupatseni mnzanu mmodzi wonena zoona", womwe amayi aja anati ndathamanga. Tsopano ndi "Akupatseni bwenzi lonena zoona", maphatikizo 13. Kwa abusa athuwa mzere wopitirira 14 umafuna mpumiro pakati, ndiye paliponse pamene sitinathe kudula ndaikapo kamzere kopendekera ndi cholembera chofiira kuti adziwe popumira.

Mnyamata uja amafuna kuti mizere yonse izithera mofanana, akudalitseni, akusungeni, akutetezeni. N'zosavuta kuchita, chifukwa mawu onse odalitsa amathera choncho okha. Tinayesa, ndipo pofika mzere wachisanu khutu linali litaleka kumva tanthauzo, likungodikira kamvekedwe komaliza. Polankhula timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto kwa chiganizo, ndiye mawu amene ali kumapeto kwa mzere ndi amene amatsala m'khutu. Malo amenewo ndi odula. Ndasiya mizere iwiri yokha, yotsegulira ndime yoyamba ndi yachiwiri, kuti ithere pa mawu odalitsa. Ina yonse ikuthera pa zinthu zimene ndikufuna ana anyamule: pakhomo, dzina, ntchito, zoona, mtendere. Kubwereza ndakuika koyambirira kwa mizere, "akusungeni" kawiri ndi "akupatseni" katatu, monga Salimo 121 imabwerezera za kusunga mpaka kukafika pa kutuluka ndi kulowa kwako.

Kenako tinafika pa mikangano iwiri yeniyeni.

Woyamba unali wa mayeso. Mnyamatayo anati popeza ambiri analemba za mayeso, tiike kuti "akupambanitseni pa mayeso anu onse". Ndikumvetsa chifukwa chake, ndipo Ameni wake akanagwedeza malata. Koma pa ana onse amene adzaime pabwalo paja, ena adzalephera. Amenewo akadzaona zotsatira adzakumbukira kuti abusa anakweza manja n'kunena m'dzina la Mulungu kuti adzapambana, ndipo adzatsala ndi mafunso awiri oipa: kodi Mulungu ananama, kapena ine ndiye wokanidwa? Muyeso umene ndikugwiritsa ntchito pa mzere uliwonse ndi wakuti, kodi udzakhalabe woona kwa mwana amene zinthu zidzamuvute kwambiri? "Akhale nanu pa mayeso" ndi woona kwa wokhoza ndi wolephera yemwe. Kupempherera kuti akhoze tidzapempherera, m'pemphero, pomwe timapempha ndipo Mulungu amayankha monga afunira. M'dalitso ndikuika zokhazo zimene Iye analonjeza kale.

Wachiwiri unali pakati pa ine ndi abusa, ndipo unatenga nthawi. Ndinalemba kuti, "Mukagwa, akupezeni pomwe mwagwerapo." Abusa anavula magalasi. Anati, "Amayi, tikuwatumiza ana kuti akagwe?" Anatsegula Yuda ndime 24, yonena za Iye amene angathe kukusungani kuti musagwe, n'kunena kuti mawu omaliza ayenera kukweza ana m'mwamba. Sananame. Ine ndinawakumbutsa za timapepala tija, za ana amene analonjeza chaka chatha n'kubwerera mwezi usanathe. Mwana wotere akagwanso amaganiza kuti msasa wonse unali bodza, ndipo sabweranso kutchalitchi chifukwa cha manyazi. Ngati mawu omaliza amene anamva sanatchulepo za kugwa, ndiye kuti pa tsiku limene akulifuna kwambiri dalitsolo lilibe chomuuza. Ndinatchulanso Luka 22:32, pomwe Yesu akuuza Petro kuti wamupempherera, ndipo akadzatembenuka akalimbikitse abale ake. Anamuuza zimenezi asanamukane, akudziwa kuti amukana.

Abusa anakhala kaye osayankha. Kenako anati mzerewo ukhale, koma usakhale womaliza m'ndime yake, ndipo kusunga kubwere patsogolo pake. Mmenemo ndi mmene zinalili kale, ndime yoyamba yonse ndi ya kusunga, koma iwo anawonjezera kuti mzere wotsatira unene za dzina, chifukwa munthu wamanyazi chimene amaopa n'chakuti saitanidwanso. Mzere umenewo ndi wawo, ndipo ndikuona kuti ndi wabwino kuposa yonse.

Tamaliza mafuta a nyali atatsala pang'ono. Ndalembanso zonse ndi zilembo zikuluzikulu pa pepala lolimba, kuti mawa wina aligwire patsogolo pa abusa manja awo ali m'mwamba. Mutu ukundizungulira ndi tulo.

Lamulungu

Magalimoto anafika tisanamalize mapemphero, ndipo madalaivala anayamba kuliza mahutala. Apa ndi pamene madalitso ambiri amafera: zolengeza za katundu wotayika, kuthokoza ophika, kujambulitsa, kenako dalitso likunenedwa theka la anthu lili kale pakhomo la basi. Tinagwirizana dzulo kuti zonsezo zichitike kaye, zikwama zikwezedwe, madalaivala apemphedwe kuzimitsa injini kwa mphindi zisanu, ndipo dalitso likatha pasakhalenso wina wogwira maikolofoni. Mmodzi wa madalaivalawo anatsika n'kudzaima kumbuyo, kapu ili m'manja.

Ana anaima pabwalo mozungulira. Ambiri anaweramitsa mitu ndi kutsinzina mwa chizolowezi. Abusa anawauza kuti, "Tsegulani maso, ana anga. Sindikupemphera, ndikulankhula ndi inu." Anakweza manja, monga Aroni pa Levitiko 9:22 ndi monga Yesu ku Betaniya kumapeto kwa Luka, n'kunena:

Mulungu Atate akudalitseni,
akusungeni potsika phiri ili,
akusungeni polowa pakhomo.

Ambuye Yesu akuwalireni
Lolemba m'mawa, nyimbo zitatha,
anzanu akamaseka malonjezo anu.
Mukagwa, akupezeni pomwe mwagwerapo,
akudzutseni, akuitaneni ndi dzina.

Mzimu Woyera akhale nanu
m'nyumba ya phokoso ndi m'nyumba ya zii,
pa mayeso ndi pofunafuna ntchito,
usiku, foni ili m'manja, muli nokha.
Akupatseni bwenzi lonena zoona,
akupatseni mtima wokhululuka,
ndipo akupatseni mtendere.

Zonse pamodzi ndi ma Ameni atatu sizinafike mphindi imodzi ndi theka. Ameni woyamba anali wofooka chifukwa ena anaiwala kuti ayankhe. Wachiwiri anamveka bwino. Pa mzere wa foni anyamata angapo anaseka pang'ono n'kugundana zigongono, ndipo sindikudandaula nazo, chifukwa kuseka koteroko kumasonyeza kuti mzere wafika pomwe umapita. Abusa sanathamange. Anadikira kuti kuseka kuthe ndipo anapitiriza. Mphepo inavuta pang'ono, pepala limapindika, mpaka mtsikana amene analigwira anachita kuligwira ndi manja awiri m'mwamba ndi m'munsi.

Mayi wa uphungu uja anandiuza tikukweza katundu kuti ana awiri anapita kukamuona usiku. Sanandiuze kuti ndani, ndipo ine sindinafunse.

Aliyense walandira kapepala kakang'ono kolembedwa mizere khumi ndi isanuyo, kokwana m'thumba la malaya, ngati kamba wa paulendo. Maganizo amenewa si atsopano. Mu 1979 akatswiri ofukula zakale motsogozedwa ndi Gabriel Barkay anapeza timipukutu tiwiri tasiliva m'manda a ku Ketef Hinnom ku Yerusalemu, ta zaka za m'ma 600 Yesu asanabadwe. Atatitambasula mosamala, kakakulu kanali kosakwana masentimita 10 m'litali, ndipo pa timipukutu timeneti panali mawu a dalitso la pa Numeri lija. Anthu ankalinyamula pathupi. Dalitso lotha kunyamulidwa chonchi liyenera kukhala lalifupi, ndipo n'chifukwa chake sindinalole kuwonjezera ndime yachinayi ngakhale panali zambiri zotsala m'timapepala tija.

Lolemba, pamsewu wobwerera

Sitinafike dzulo. Basi yathu inaphulika tayala titangotsika chitunda, ndipo lapadera linalibe mpweya. Tinadikira m'mbali mwa msewu mpaka mdima, ana atakhala pazikwama, nyimbo zitawathera. Ndinachita mantha ndithu, pokhala ndi ana a eni pamalo osadziwika usiku. Mlonda wa pasukulu ina yapafupi anapita kukadzutsa aphunzitsi aakulu, ndipo anatitsegulira makalasi awiri, atsikana kwina anyamata kwina. Tagona pamabenchi. Tayala labwera m'mawa uno pa njinga yamoto.

Tili m'basi tsopano, ndipo mnyamata wa ndakatulo uja wasinthana mpando ndi mnzake kuti akhale pafupi nane. Akufuna kukagwiritsa ntchito dalitsoli potseka msonkhano wa achinyamata kumpingo kwawo, kumene nthawi zambiri abusa sakhalapo. Ndamuuza kuti afunse kaye akulu a mpingo wake, chifukwa m'mipingo yambiri kukweza manja ndi kunena kuti "akudalitseni" ndi udindo wa mbusa wodzozedwa, ndipo wina aliyense amadziphatikiza yekha m'gulu la odalitsidwa. Kusintha kwake n'kosavuta. Manja akhale pansi kapena agwirane, ndipo mawu atembenuke: Mulungu Atate atidalitse, atisunge, Ambuye Yesu atiwalire, tikagwa atipeze pomwe tagwerapo, atiitane ndi dzina, Mzimu Woyera akhale nafe. Mizere imafupikako ndi phatikizo limodzi pa mawu odalitsa aliwonse, ndiye wachinyamata wa mpweya wake angathe kuinena mosavuta.

Chomwe chatitengera nthawi ndi mzere wachiwiri, chifukwa kwawoko kulibe phiri lotsika. Iye anati "potuluka m'nyumba ino". Ine ndinati mzere wotsatira uli kale ndi pakhomo, ndipo ndime yachitatu ili ndi nyumba ziwiri, zichuluka. Tayesa "pamene tikusiyana", tayesa "panjira yobwerera", akulemba pabondo basi ikudumpha m'maenje, cholembera chikuthawa pamzere. Wasankha "atisunge panjira yobwerera". "Nyimbo zitatha" akuti asiya momwemo, popeza msonkhano wawo umachitika Lamulungu madzulo ndipo nawonso amatsekera ndi kuimba. Watsika pamphambano yachiwiri ndi tsamba limene ndang'amba m'kope langa, ndipo ife tatsala ndi maola ena atatu ngati tayala ili lipirire.